Dzina la Malonda Liyesedwe M'kamwa mwa Eni Chilankhulo Lisanadindidwe pa Botolo

Ku Lilongwe, ku Lusaka kapena ku Harare, munthu akanena kuti wagula Pajero anzake amamupatsa ulemu, chifukwa galimoto imeneyi inadziwika kuti siopa matope kapena mtunda. Koma munthu yemweyo atati aime pamsika mumzinda wa Madrid kapena wa Buenos Aires n'kutchula dzinali mokweza, anthu angatembenuke, ena n'kuseka, ena n'kugwira ana awo pamkono kuti achokepo. M'Chisipanishi cha masiku onse, liwu limeneli ndi lotukwana. Limanenedwa ponyoza mwamuna amene amadziseweretsa maliseche.

Kampani ya Mitsubishi ya ku Japan, imene inatulutsa galimotoyi mu 1982, sinali ndi maganizo amenewo m'pang'ono pomwe. Dzinalo inalitenga ku kamphaka kam'tchire ka ku South America, kamene kamakhala m'zidikha za udzu ndipo akatswiri a zanyama amakatchula Leopardus pajeros. M'Chisipanishi liwu lakuti paja limatanthauza udzu wouma kapena mapesi, choncho kamphakako ndi ka m'maudzu basi. Komabe liwu lomwelo linapeza ntchito ina m'kamwa mwa anthu a mumsewu, ndipo tanthauzo la mumsewulo ndi limene limayamba kufika m'mutu mwa munthu akalimva. N'chifukwa chake galimotoyi inagulitsidwa ndi dzina lakuti Montero ku Spain ndi m'maiko ambiri a ku America, ndipo ku Britain inatchedwa Shogun. Ku Brazil, kumene amalankhula Chipwitikizi, dzina la Pajero linakhalabe chifukwa kumeneko silinyansa munthu.

Nkhani ya galimotoyi ikuonetsa phata la ntchito yonse yoyesa dzina la malonda. Munthu amene akanangotsegula mtanthauziramawu akanapeza udzu ndi kamphaka, n'kukhutira kuti zonse zili bwino. Tanthauzo loopsalo linali m'makutu ndi m'kamwa mwa anthu. Choncho dzina limayesedwa pofunsa eni chilankhulo amene akukhala kumene katunduyo akupita, ndipo kufunsako kuli ndi njira yake.

Mmene dzina labwino limasandukira loipa

Njira yoyamba ndi yosavuta kuimvetsa: dzina limene mwasankha limapezeka kuti ndi liwu lenileni m'chilankhulo china. Kampani ya Rolls-Royce ya ku Britain inkafuna kutcha galimoto yake ya mu 1965 kuti Silver Mist, poganiza za nkhungu yoyera. Koma m'Chijeremani liwu lakuti Mist limatanthauza ndowe za ziweto, ndipo galimotoyo inatuluka ndi dzina la Silver Shadow. Zoterezi zingachitike ngakhale pakati pa zilankhulo za pachibale. M'Chishona liwu lakuti tsoka limatanthauza phazi, motero wosoka nsapato wa ku Mutare angaone kuti ndi dzina loyenera nsapato zake. Atazibweretsa pamsika wa Limbe, ndani angafune kuvala Tsoka popita kukafunsira ntchito?

Njira yachiwiri ndi yobisika kuposa yoyamba, chifukwa vuto silioneka papepala koma limatuluka dzinalo likawerengedwa mokweza. Chilankhulo chilichonse chili ndi mmene chimawerengera zilembo. Ajeremani amawerenga chilembo cha V ngati F, ndipo mankhwala opaka a chimfine amene ife timawadziwa kuti Vicks akanamveka ngati liwu lawo lotukwana lonena za kugonana. Kumeneko mankhwalawa amagulitsidwa ndi dzina la Wick. Galimoto ya Toyota MR2, imene inatuluka mu 1984, ilibe liwu lililonse m'dzina mwake, koma Mfalansa akatchula zilembo ziwirizo pamodzi ndi nambala 2 m'chilankhulo chake, zimamveka pafupi kwambiri ndi liwu lachipongwe lonena za chimbudzi cha munthu. Ku France nambalayo anaichotsa, galimotoyo n'kumatchedwa MR.

Ife olankhula Chichewa tikudziwa bwino mmene pakamwa pamasinthira dzina lachilendo. Timaika mavawelo pakati pa zilembo zimene zaunjikana, timawonjezera vawelo kumapeto, ndipo r ndi l sitizisiyanitsa kwenikweni. Colgate inasanduka kologeti, Sunlight inasanduka sanilaiti. Dzina limene mwini kampani analemba si limene wogula amatchula pa okala. Anthu a mitundu ina nawonso amachita chimodzimodzi ndi maina athu, aliyense motsatira lilime lake, ndipo dzina lotuluka m'kamwa mwawolo ndi limene liyenera kuyesedwa.

Njira yachitatu ndi ya zikhulupiriro, ndipo nthawi zambiri imadzera m'manambala. M'Chitchaina, m'Chijapani ndi m'Chikoreya liwu la nambala 4 limamveka ngati liwu la imfa. Kampani ya Alfa Romeo ya ku Italy inatulutsa galimoto yotchedwa 164 mu 1987. M'Chikantoni, chilankhulo cha ku Hong Kong, manambala atatuwo akatchulidwa motsatizana amamveka ngati akunena za njira yolunjika ku imfa. M'misika ya kumeneko galimotoyo inasinthidwa kukhala 168, popeza 8 amamveka ngati liwu la kulemera. Ataliyana nawo amaopa 17, chifukwa nambalayi ikalembedwa m'zilembo za Aroma kuti XVII, zilembozo zingasanjidwenso kukhala VIXI, liwu la Chilatini lotanthauza kuti ndinakhalapo ndi moyo, ndiye kuti tsopano ndinafa. Galimoto ya Renault 17 inagulitsidwa ku Italy ndi dzina la 177. Palibe amene anganene kuti nambala imapha munthu, koma wogula amene akukayikira mumtima amangopita pa sitolo ina osanena chifukwa chake.

Kulemba zilankhulo zoyenera kufunsa

Ntchito imayamba ndi pepala ndi cholembera. Mwini malonda alembe malo onse kumene katundu wake adzagulitsidwe m'zaka zingapo zikubwerazi, kenako pansi pa malo aliwonse alembe zilankhulo zimene ogula ake amalankhuladi, osati chilankhulo cha boma chokha. Amene akuloza ku Tete afunika Chipwitikizi ndi Chinyungwe. Amene akuloza ku Mbeya afunika Chiswahili ndi Chinyakyusa. Ku Zambia, kupatula Chinyanja, pali Chibemba, Chitonga ndi Chilozi. Ku Johannesburg mumsewu umodzi mumamveka Chizulu, Chisutu, Chitswana, Chixhosa ndi Chiafirikaansi. Ngakhale katundu wosatuluka m'Malawi ayenera kudutsa m'makutu a olankhula Chitumbuka, Chiyao, Chilhomwe, Chisena, Chitonga ndi Chinkhonde.

Apa pali msampha umene unagwirapo ngakhale makampani akuluakulu. Chilankhulo chimodzi chimasiyana malinga ndi dera, ndipo mawu otukwana ndi amene amasiyana kwambiri. Kampani ya General Motors itakonza galimoto ya Buick LaCrosse, dzinalo linali la masewera odziwika bwino ku North America. Koma m'Chifalansa cha achinyamata a ku Quebec, m'dziko la Canada, liwu limenelo limanena za kudziseweretsa maliseche ndiponso za kubera munthu mwachinyengo. Mfalansa wa ku Paris akanatha kuliona dzinalo n'kunena kuti palibe vuto. Galimotoyo inayamba kugulitsidwa ku Canada ndi dzina la Allure. Phunziro lake n'lakuti wofunsidwa akhale wa dera lenilenilo. Amene akufuna kugulitsa ku Nampula asadalire Chipwitikizi cha munthu wa ku São Paulo.

Afunsidwe ndani, ndipo afunsidwe bwanji

Pa chilankhulo chilichonse pafunika anthu osachepera atatu, ndipo asanu ndi abwino koposa ngati msikawo ndi waukulu. Akhale oti anayamwa chilankhulocho ndipo akukhalabe kwawoko, chifukwa amene anachoka zaka khumi zapitazo sadziwa mawu amene achinyamata apeka chaka chatha. Asakhale a msinkhu umodzi. Wachinyamata amadziwa zining'a za pa siteji ya minibasi ndi za pafoni, pamene wachikulire amadziwa mawu a maliro, a miyambo ndi a mbiri yowawa ya dziko lake. Pakhale amuna ndi akazi, popeza mawu ena onyoza akazi amuna amawaona ngati nthabwala chabe.

Aliyense afunsidwe payekha. Anthu akakhala pagulu amatsatira yemwe wayamba kulankhula, ndipo mmodzi akaseka onse amayamba kufunafuna choseketsa ngakhale palibe. Palinso chinthu china chimene ife tiyenera kuchimvetsa msanga: manyazi. Mtsikana sangatchule liwu lotukwana pamaso pa bambo wamkulu amene wamufunsa mwaulemu za dzina la kampani yake. Adzangoti, "Ayi bambo, lili bwino," maso ali pansi. Choncho ndi bwino kuti mayankho alembedwe papepala lopanda dzina la woyankha, kapena wofunsa akhale wa msinkhu wofanana naye, mkazi kwa mkazi mnzake, mwamuna kwa mwamuna mnzake. Wofunsidwayo auzidwe poyambirira kuti mawu onyansa ndi amene akufunidwa, ndipo kuwatchula ndi thandizo. Mwini dzina asakhalepo pa nthawiyo, chifukwa anthu sakonda kukhumudwitsa munthu amene akuoneka kuti dzinalo walikonda.

Dongosolo la mafunso nalo lili ndi ntchito. Choyamba munthuyo apatsidwe dzinalo lolembedwa, popanda kumuuza katchulidwe kake kapena katundu wake, ndipo aliwerenge mokweza. Mawu akewo ajambulidwe pafoni, chifukwa mmenemo ndi mmene dzinalo lidzamvekere pamsika wa kwawo. Kenako afunsidwe chimene chabwera m'mutu mwake poyamba. Pambuyo pake amve katchulidwe kamene eni ake akufuna, ngati mmene kadzamvekere pa wailesi, n'kufunsidwanso chimodzimodzi. Akatero ndiye abwere mafunso olunjika: kodi dzinali likufanana ndi liwu lililonse la ziwalo zobisika, la kugonana, la kuchimbudzi, la matenda, la imfa kapena la ufiti? Kodi likukumbutsa chipani cha ndale, chipembedzo, mtundu wa anthu kapena munthu wotchuka? Kodi mwana wasukulu wofuna kuseketsa anzake angalipotoze bwanji? Pomalizira penipeni auzidwe kuti katunduyo ndi wanji, chifukwa liwu lina silivuta pa simenti koma limanyansa pa chakudya.

Dzinalo liyesedwenso m'maonekedwe ake onse. Lidulidwe pakati kuti muone ngati chidutswa chake chili ndi tanthauzo. Lifupikitsidwe monga mmene ogula adzachitire. Ngati ndi la mawu awiri kapena atatu, zilembo zoyambirira ziwerengedwe pazokha, ndipo mawuwo alumikizidwe popanda mpata ngati mmene adzalembedwere pa adiresi ya pa intaneti, chifukwa mawu awiri osalakwa akagundana nthawi zina amabala lachitatu losayenera.

Chitsanzo: maina atatu a juwisi wa malambe

Tiyerekeze kuti banja lina ku Balaka likupanga juwisi wa malambe ndipo lapeza ogula ku Tete, ku Mbeya, ku Harare ndi ku Johannesburg. Labwera ndi maina atatu. Loyamba ndi Kuma, lochokera ku zilembo zoyambirira za maina a ana awo awiri, Kumbukani ndi Madalitso, monga mmene mabanja ambiri amachitira potcha golosale kapena minibasi. Lachiwiri ndi Beba, lochokera ku liwu la achinyamata lakuti kubeba, lonena za chinthu chokoma. Lachitatu ndi Chuma.

Dzina la Kuma m'Chichewa silinena kanthu, ndipo ku Japan likanatanthauza chimbalangondo. Koma Mswahili aliyense wopatsidwa pepalalo angazengereze kuliwerenga mokweza, chifukwa ndi liwu lotukwana kwambiri lonena za maliseche a mkazi. Apa palibe chokambirana. Liwulo ndi lofanana ndendende m'kalembedwe ndi m'katchulidwe, aliyense amalidziwa, ndipo chilankhulocho ndi cha msika umene banjalo likufuna. Komanso Chiswahili chimamveka ku Karonga ndi m'misika yambiri ya m'Malawi momwemuno, kotero vutolo silikanadikira kuti katundu awoloke Songwe. Dzinali lifufutidwe.

Dzina la Beba ndi lovuta kuligamula, ndipo m'pamene phindu la kufunsa zilankhulo zonse limaonekera. M'Chipwitikizi beba ndi liwu louza munthu mwaulemu kuti amwe, ndiye pa botolo la chakumwa ku Tete lingakhale ngati linapangidwira komweko. M'Chiswahili limatanthauza kunyamula kapena kubereka kumsana, zimene sizipweteka munthu. Koma m'Chizulu muli mneni wolembedwa bhebha, wotukwana, wonena za kugonana, ndipo katchulidwe kake kali pafupi kwambiri ndi mmene Mmalawi amatchulira kubeba. Papepala maina awiriwa akusiyana ndi chilembo cha h, koma pa wailesi kapena pakamwa pa wogulitsa kusiyanako kumachepa. Banjalo lili ndi njira ziwiri. Lingasunge Beba m'misika ina n'kupeza dzina lachiwiri la ku South Africa, monga inachitira Mitsubishi, kapena lingalisiye. Maina awiri amafuna malebulo awiri, kulembetsa kawiri ndi kutsatsa kawiri, ndipo mabotolo sadziwa malire, amakwera basi ndi amalonda n'kukafika kumene sanawakonzere. Kampani yaikulu ingathe kunyamula mtolo umenewo, koma kwa banja la ku Balaka ndi wolemera.

Latsala ndi Chuma. M'Chiswahili liwuli limatanthauza chitsulo, m'Chishona mikanda, ndipo m'Chizulu ndi m'Chixhosa muli mneni wofanana nalo wonena za kukula bwino ndi kubereka zipatso. Mpwitikizi adzawerenga ch ngati sh, choncho ku Tete ena adzati shuma, ndipo katchulidwe kameneko ndi koyenera kukayesedwa kwa anthu a kumeneko. Wina wodziwa zilankhulo za kutali angachenjeze kuti m'Chirasha liwu lomveka chimodzimodzi limatanthauza mliri. Zimenezo n'zoona, koma banjali silikutumiza juwisi ku Moscow. Mfundoyo ingolembedwa ndi kusungidwa, kuti tsiku limene kudzapezeke wogula wa kumeneko nkhaniyo idzaunikidwenso. Funso lotsala ndi la Chiswahili: kodi chakumwa chotchedwa chitsulo chidzakumbutsa wogula wa ku Mbeya za mphamvu, kapena za dzimbiri m'kamwa? Yankho lake lili ndi anthu a ku Mbeya, ndipo asanu atafunsidwa payekhapayekha angalipereke tsiku limodzi.

Kusiyanitsa ngozi yeniyeni ndi mphekesera

Munthu akafunafuna mokwanira, dzina lililonse padziko lapansi lidzapezeka kuti likufanana ndi liwu loipa penapake. Choncho theka la ntchitoyi ndi kuyeza kulemera kwa zimene zapezeka. Pali nkhani yotchuka imene imaphunzitsidwa molakwika m'makalasi ambiri a zamalonda. Imati galimoto ya Chevrolet Nova inakanika kugulidwa m'maiko olankhula Chisipanishi chifukwa mawu akuti no va amatanthauza kuti siyenda. Zoona zake n'zakuti galimotoyo inagulidwa bwino ku Mexico ndi ku Venezuela m'zaka za m'ma 1970, ndipo ku Mexico komweko kampani ya boma ya Pemex inkagulitsa petulo wotchedwa Nova. Mwini chilankhulo samva mawu awiriwo ngati amodzi, chifukwa mphamvu ya liwu imagwera pamalo osiyana: pa Nova ili koyambirira, pa no va ili kumapeto. Ifenso tili nazo zotere. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu amalembedwa mofanana, koma khutu la Mchewa limamva kusiyana kwa kakwezedwe ka mawu. Mlendo woona ndi maso okha amaopa zimene mwini chilankhulo sakuzimva, ndipo amaphonya zimene mwiniyo akumva.

Poyeza zimene zapezeka, mafunso anayi amathandiza. Loyamba ndi kuyandikana: kodi liwulo ndi lomwelo ndendende, kapena munthu achite kulipotoza kuti lifanane? Lachiwiri ndi kuchuluka kwa olidziwa: ngati anthu atatu onse alitchula popanda kuwakumbutsa, vutolo ndi lenileni, koma ngati wanena mmodzi yekha ataganiza nthawi yaitali, pafunika kufunsa ena atsopano popanda kuwauza zimene woyambayo ananena. Lachitatu ndi kukula kwa chonyansacho, pakuti liwu loseketsa pang'ono silifanana ndi liwu lotukwana, ndipo lotukwana silifanana ndi lokhudza chipembedzo cha anthu kapena imfa ya abale awo. Lachinayi ndi kufunika kwa msikawo pa malonda anu.

Makampani ena anayeza motero n'kusankha kusasintha. Galimoto za magetsi za Audi zimatchedwa e-tron ngakhale kuti m'Chifalansa muli liwu lakuti étron lotanthauza chimbudzi cha munthu, ndipo zimagulitsidwa ku France ndi dzina lomwelo. Ford Kuga inasunga dzina lake ngakhale kuti kuga ndi mliri m'zilankhulo za ku Croatia ndi ku Serbia. Galimoto ya Buick ija nayo inabwerera ku dzina la LaCrosse ku Canada pa mtundu wake wa 2010. Kampani ya Hyundai inaweruza mosiyana mu 2017: galimoto yake ya Kona, yotchedwa dzina la dera la ku Hawaii, inagulitsidwa ku Portugal ndi dzina la Kauai, chifukwa kumeneko dzinalo limamveka ndendende ngati liwu lotukwana la maliseche a mkazi. Amene ali ndi sitolo yotchedwa Pa Kona ndipo akuganiza zotsegula nthambi ku Mozambique afunse kaye anthu a kumeneko mmene dzinalo likumvekera.

Koma pa mawu okhudza mabala a mtundu wa anthu palibe kuyeza, dzina limangochotsedwa. Mu 2002 kampani ya zovala zamasewera ya Umbro inadzudzulidwa kwambiri chifukwa cha nsapato yotchedwa Zyklon. M'Chijeremani liwulo limangotanthauza namondwe, koma Zyklon B ndi dzina la mpweya wapoizoni umene chipani cha Nazi chinaphera Ayuda ochuluka zedi m'misasa yake. Kampaniyo inapepesa n'kusiya dzinalo. Tanthauzo la mtundu umenewu amalidziwa ndi anthu odziwa mbiri ya dera lawo, ndipo n'chifukwa chake achikulire sayenera kusowa pakati pa ofunsidwa.

Zimene kuyesaku sikungathe

Mtanthauziramawu ndi makina omasulira a pa intaneti ali ndi malo ake. Amathandiza kuchotsa msanga maina oonekeratu kuti ndi oipa pamene mndandanda udakali wautali. Koma amafufuza kalembedwe, samva katchulidwe, ndipo mawu a mumsewu amalowamo mochedwa kapena salowamo n'komwe, makamaka a zilankhulo za kuno ku Africa. Amene watenga dzina m'chilankhulo cha eni ake kudzera m'mabuku okha amakhala pangozi yaikulu. Mu 2020 kampani ina yofulula mowa ku Alberta, m'dziko la Canada, inapepesa chifukwa cha mowa wake wotchedwa Huruhuru. Inatenga liwulo m'Chimaori cha ku New Zealand poganiza kuti likutanthauza nthenga, pamene eni chilankhulo amaligwiritsa ntchito kawirikawiri ponena za tsitsi la kumalo obisika. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Kulembetsa dzina ku boma nako sikulowa m'malo mwa kufunsa anthu. Ofesi yolembetsa zizindikiro za malonda, kaya ya dziko limodzi kaya bungwe la ARIPO limene likulu lake lili ku Harare, imaona makamaka ngati dzinalo silikufanana ndi la wina ndiponso ngati likutsatira malamulo. Ingakane dzina loonekeratu kuti ndi lonyansa, koma si ntchito yake kukufufuzirani mmene lidzamvekere m'Chizulu kapena m'Chinyungwe. Satifiketi imateteza umwini wa dzina, siiteteza ulemu wake.

Ndipo palibe kuyesa kumene kungaone za mawa. Kampani ya Tata Motors ya ku India inali itatsatsa kale galimoto yaing'ono yotchedwa Zica pamene matenda a Zika anafala ku South America, mpaka bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu February 2016 kuti ndi vuto lodetsa nkhawa maiko onse. Dzinalo linali loyera pa nthawi imene linkasankhidwa. Kampaniyo inapempha anthu kuti avotere dzina lina, ndipo galimotoyo inalowa pamsika ikutchedwa Tiago. Chimene chinaithandiza n'chakuti inasintha galimoto zisanafike kwa ogula.

Nthawi ndiyo imasiyanitsa mtengo wa ntchito yonseyi. Dzina likadali papepala, kulisintha kumangofuna kufufuta ndi kulemba lina. Likadindidwa pa malebulo ndi pa makatoni, likalembetsedwa ku boma, likapentedwa pa khoma la sitolo ndi kulengezedwa pa wailesi, chilichonse mwa zimenezi chimafuna kulipiridwanso, ndipo ogula amene anazolowera dzina lakale ayenera kuphunzitsidwa latsopano. N'chifukwa chake kuyesa kumachitika pa maina atatu kapena asanu nthawi imodzi, mtima usanakhazikike pa limodzi, chifukwa munthu amene watsala ndi dzina limodzi lokha amayamba kupeputsa chenjezo lililonse limene wapatsidwa. Mayankho onse asungidwe m'faelo, pamodzi ndi mawu ojambulidwa aja, zilankhulo zimene zinafunsidwa ndi chaka chake. Tsiku limene katundu adzapeze msika watsopano, faeloyo idzasonyeza zilankhulo zimene sizinafunsidwe, ndipo anthu a kumeneko ayenera kufunsidwa katoni yoyamba isanakwere galimoto.